Dzina la nthambi lili pamzere woyamba wokha, pansi ponse mulibe kanthu

Tadala: Akuluakulu ndithandizeni. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pagolosale ina yopikulitsa katundu ku Fordsburg, mumzinda wa Johannesburg. Lipoti la malonda a mwezi latuluka ndi mizere 1,840 mu Excel. Mu kolamu A dzina la nthambi likungolembedwa kamodzi: Soweto pa A2, kenako mabokosi opanda kanthu mpaka pomwe Tembisa ikuyambira. Ndikasefa Soweto ukungobwera mzere umodzi. Abwana akufuna ndalama za nthambi iliyonse mawa m'mawa.

Yamikani: Achemwali, sankhani kolamu yonse mudinde `Ctrl+D`. Imadzaza yokha mpaka pansi.

Mai Banda: Ayi achimwene, imeneyo imatenga bokosi lapamwamba n'kulipaka ponseponse, ndiye Tembisa ndi Alexandra zifufutika. Imathandiza mukamachita nthambi imodziimodzi basi. Tadala, yamba wasunga kope la fayiloyo. Sankha A2 mpaka A1841, dinda `F5`, kenako `Special`, `Blanks`, `OK`. Mabokosi opanda kanthu okha ndi amene atsale osankhidwa, ndipo lowala likhala A3. Usakhudze mausi. Lemba `=`, dinda kamuvi koloza m'mwamba kuti pawoneke `=A2`, ndipo umalize ndi `Ctrl+Enter`, osati `Enter` yekha. Bokosi lililonse limakopera la pamwamba pake, choncho Soweto imatsetsereka mpaka itakumana ndi Tembisa, pamenepo Tembisa n'kuyamba ulendo wake.

Tadala: Mayi, ndatsata zonse koma ikuti `No cells were found.` Chonsecho ndi maso anga ndikuona kuti mulibe kanthu.

Bambo Gondwe: Inenso zinandichitikira pa ndandanda ya malipiro. Anali ataphatikiza mabokosi ndi `Merge & Center`. Ndinayamba ndawalekanitsa.

Tadala: Ndayang'ana bambo, anga si ophatikiza.

Mai Banda: Ndiye kuti mabokosiwo akungooneka ngati opanda kanthu. Malipoti ochokera m'mapulogalamu a maakaunti amakonda zimenezi. Pambali penapake lemba izi undiuze zomwe zituluke:

```
=ISBLANK(A3)
=LEN(A3)
```

Tadala: Yoyamba `FALSE`, yachiwiri 0.

Mai Banda: Eya, tachipeza. Muli mawu opanda chilembo ngakhale chimodzi, ndipo Excel saliwerenga bokosi lotere ngati lopanda kanthu. Ikanatuluka 1 tikanati muli sipesi. Sankha kolamu A yokha, pita ku `Data`, `Text to Columns`, `Delimited`, `Next`. Pamenepo onetsetsa kuti pa `Space` palibe chizindikiro, apo ayi dzina ngati Kempton Park liduka pawiri n'kukagwera mu kolamu B pomwe pali katundu wako. Dinda `Finish`, ubwereze za `F5` zija.

Tadala: Zatheka! Mayina afika mpaka pansi. Koma nditasanja mizere kuyambira ndalama zambiri, zasokonekera: simenti wa ku Tembisa akuoneka ngati wa Soweto.

Mai Banda: Bwerera ndi `Ctrl+Z` msanga. Pepa, ichi ndinayenera kukuuza poyamba pomwe, chifukwa n'chimene chimapweteka anthu ambiri. M'mabokosimo mudakali mafomula, lililonse likuyang'ana mnzake wa pamwamba. Ukasuntha mizere, wa pamwambayo amasintha, dzina nalonso n'kusintha, popanda chenjezo lililonse. Ndalama zonse pamodzi zimakhalabe zolondola, n'chifukwa chake munthu amatha kupereka lipoti lolakwika osadziwa. Usanasanje, kopera A2 mpaka A1841, kenako `Paste Special`, `Values`. Ukadina A3 uone mawu akuti Soweto, osati `=A2`.

Yamikani: Ndagonja pa `Ctrl+D`. Koma ine sindikonda kugwira kolamu yoyambirira. Ndimatsegula ina, tinene F, pa F2 n'kulemba iyi n'kuikokera pansi:

```
=IF(TRIM(A2)="";F1;A2)
```

Imagwira ngakhale muli sipesi. Pakompyuta yanga yogula konkuno ku South Africa imafuna `;`, ena mwina yanu ifuna `,`.

Mai Banda: Imeneyo ndi yabwino, komabe nayonso imafuna `Values` musanasanje.

Bambo Gondwe: Funso langa ndi ili Tadala: lipoti lako lili ndi mizere ya `Total` pamapeto pa nthambi iliyonse? Ngati mu A munalibe kanthu pamizere imeneyo, tsopano yalandira dzina la nthambi, ndipo ukaphatikiza ndalama za Soweto ziwerengedwa kawiri.

Tadala: Ilipo 12 bambo, nthambi iliyonse wake. Mawu a `Total` ali mu B. N'chifukwa chake Soweto imandipatsa R412,600 pomwe papepala pali R206,300. Ndasefa B, ndaichotsa, tsopano zikugwirizana.

Bambo Gondwe: Ine sindikanafufuta. Ndikanaisunga pambali kuti ndiziyerekezera nayo nthambi iliyonse.

Mai Banda: Ali nalo kope lija, ayerekezere ndi limenelo. Tadala, ngati lipotili limabwera mwezi ndi mwezi, uphunzire Power Query: `Transform`, `Fill`, `Down`. Kungoti imadzaza pokhapokha pamene palembedwa `null`, ndiye mabokosi ako onamizira aja uyambe wawasandutsa `null` ndi `Replace Values`.

Tadala: Zimenezo Loweruka mayi. Panopa ndatsala ndi nthambi zisanu zoti ndiyerekezere ndi pepala.