Ndithandizeni mawu olengeza kliniki yathu ku Area 25

Abale, ndimakhala pa tebulo lolandirira odwala pa kliniki ina yolipiritsa kuno ku Area 25. Abwana andiuza kuti ndilembe uthenga woti mnyamata wa chimkuzamawu azikalengeza ku msika wa Nsungwi Loweruka m'mawa. Ndalemba chonchi:

"Makolo a Area 25, kliniki yathu imatsegula Lolemba mpaka Lachisanu kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Loweruka mpaka 12 koloko masana. Timayeza malungo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Sikelo ya amayi oyembekezera ndi Lachiwiri, ya ana ndi Lachinayi."

Chikundivuta ndi Lamulungu. Sititsegula, koma ulendo wathawu tinangotchula masiku otsegula basi, ndiye mayi wina anabwera Lamulungu usiku ndi mwana wotentha thupi, n'kupeza geti lotseka, mlonda yekha. Lolemba lake amene anakalipiridwa ndi ine. Kodi ndinene poyera kuti "Lamulungu ndi usiku sititsegula, matenda akakula thamangirani ku chipatala cha boma"? Abwana akuti kumeneko n'kuthamangitsa makasitomala, koma ine ndikuona kuti kukhala chete n'koopsa kuposa.

Chinanso ndi mitengo. Ndikaitchula, mankhwala akakwera mwezi wamawa anthu adzati tinawanamiza. Ndikapanda kuitchula, ena amabwera poganiza kuti sikelo ndi yaulere ngati ku boma. Inu amene munalembapo zoterezi, munkangoti "thandizo lathu ndi lolipira" basi, kapena munkatchula mtengo woonana ndi dokotala wokha?