Avereji ya zigubu yatuluka 13.4, ndichite nawo chiyani ma 98 ndi ma 99?

Amake Tiza: Moni nonse pagulu pano. Ndathedwa nzeru, ndithandizeni. Tinayenda m'makomo 300 ku Kanyama kufunsa za madzi, ndipo tsopano ndikukonza deta mu pulogalamu ya pakompyuta ya SPSS. Funso lina linali lakuti banja limagwiritsa ntchito zigubu zingati za malita 20 patsiku. Avereji yatuluka 13.4. Ine ndinakulira m'komboni, ndikudziwa kuti palibe mayi amene angatunge zigubu 13 tsiku ndi tsiku. Nditayang'anitsitsa ndapeza kuti amene anati "sindikudziwa" tinawalembera 98 ndipo alipo 20, pomwe mafomu 10 amene wofunsa sanalembe kanthu tinaika 99. Palinso mipata yopanda kanthu pafunso la ndalama za madzi. Kodi ndingofufuta makomo onsewa? Lipoti likufunika Lachisanu.

Chisomo wa ku Matero: Asisi musavutike. Chotsani ma 98 ndi 99, muikemo avereji ya enawo. Mipata yopanda kanthu muike 0. Ife timatero ndipo makomo amakhalabe 300.

A Tembo: Amake Tiza, musafufute khomo ngakhale limodzi. Banja limene silinadziwe za zigubu linayankha mafunso ena onse, ndiye mukalichotsa mutaya ndi mayankho abwinowo. Choyamba sungani padera fayilo yoyambirira, osaikhudzanso, muzigwira ntchito pa kope lake.

Vuto lanu ndi lakuti SPSS ikuwerenga 98 ngati zigubu 98 zenizeni. Ma 98 makumi awiri aja akupanga 1,960, ma 99 khumi akupanga 990, pamodzi 2,950. Avereji ya 13.4 pa makomo 300 ndiye kuti zonse pamodzi zili cha m'ma 4,030. Mukachotsapo 2,950 patsala 1,080, ndipo mukagawa kwa makomo 270 amene anayankhadi mupeza zigubu 4. Iuzeni kompyuta kuti manambala awiriwa si mayankho:

```
MISSING VALUES zigubu (98, 99).
FREQUENCIES VARIABLES=zigubu /STATISTICS=MEAN.
```

Ubwino wake ndi wakuti 98 ndi 99 akhalabe m'fayilo, aliyense payekha, koma salowanso mu avereji.

A Chisomo, zoikamo averejizo ine sindigwirizana nazo. Mukawapatsa 4 makomo 30 onsewo, avereji sisintha, ikhalabe 4, koma deta iyamba kuoneka ngati mabanja amafanana kwambiri kuposa mmene zilili. Muonekanso ngati muli ndi mayankho 300 pomwe muli ndi 270.

Amake Tiza: Zikomo a Tembo, yatulukadi 4. Ndiye ndichite chimodzimodzi paliponse pamene pali 98? Lilipo funso lakuti munthu atchule mlingo wa klorini wothira m'chigubu. Anakhoza ndi 120, analakwa ndi 90, ndipo 90 anati sakudziwa.

A Tembo: Ayi, pamenepo imani kaye. Pa zigubu paja, nambala yeniyeni ilipo kunyumbako, kungoti woyankhayo sanaidziwe, ndiye yankho lasowadi. Koma pa klorini mumafuna kudziwa ngati munthuyo akudziwa. Akati "sindikudziwa", wakuyankhani kale. Mukawachotsa anthu 90 amenewa, muzigawa 120 ndi 210, mulembe kuti 57 peresenti amadziwa mlingo. Mukawasiya, ndi 120 mwa 300, kutanthauza 40 peresenti. Wowerenga lipoti loyambalo aganiza kuti anthu oposa theka akudziwa, mwina n'kuchepetsa maphunziro a klorini m'dera limene anthu 6 mwa 10 alionse sakudziwa. Muwasiye ngati gulu lachitatu, osawaphatikiza ndi olakwa, chifukwa amene akuthira mlingo wolakwika ali ndi chikhulupiriro chonse ndi wosiyana ndi amene akuvomera kuti sadziwa.

Mwana wa ku Chipata: Koma anthu akamati sindikudziwa nthawi zambiri amakhala atatopa nanu. Muziwafunsa m'Chinyanja chomveka, ndipo musamapite m'mawa pamene azimayi ali pamzere wa madzi.

Amake Tiza: N'zoona achimwene, ulendo wina tidzatero. Koma kufunsa tinamaliza kale, ndalama zobwereranso palibe.

Mayi Zulu: Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ina yotchedwa Stata, ndipo ndichenjezeko amene ali ngati ine, chifukwa zinandichitikira. Ndinasintha makhodi bwinobwino, kenako n'kuwerenga anthu opitirira zaka 60. Anatuluka ochuluka modabwitsa. Stata imatenga mpata wosowa ngati nambala yaikulu kuposa ina iliyonse, ndiye onse opanda zaka analowa m'gulu la okalamba. Ndinazindikira tebulo litapita kale kwa abwana. Masiku ano ndimalemba chonchi:

```
mvdecode zaka, mv(998=.a \ 999=.b)
count if zaka > 60 & !missing(zaka)
```

Koma amake Tiza, mipata ya pa ndalama ija, kodi anthuwo anafunsidwa n'komwe? Ngati munagwiritsa ntchito pulogalamu ya mafomu ya KoboToolbox, funso limene lalumphidwa limatuluka lopanda kanthu.

Amake Tiza: Ndaona. Mipatayo ndi 60, ndipo onse ali ndi mpopi pakhomo. Fomu inkawalumphitsa funsolo chifukwa limanena za ndalama zogulira madzi pakiyosiki.

Chisomo wa ku Matero: Ndiye 0 wanga uja pamenepa ali bwino. Sagula pakiyosiki, ndiye amalipira 0.

Mayi Zulu: Mwina, koma sitinawafunse. Mpopi ukauma nawonso amanyamula zigubu kukagula. Komanso mukaika 0 kwa makomo 60, avereji itsika, ndipo wowerenga aona ngati madzi apakiyosiki ndi otchipa. Ine ndingawapatse khodi yawoyawo ya "silikuwakhudza", n'kulemba pansi pa tebulo kuti anafunsidwa ndi makomo 240.

Chisomo wa ku Matero: Nanga ofuna lipotiwo akafuna avereji ya dera lonse?

Mayi Zulu: Pamenepo mungaike 0, bola mulembe poyera kuti mwangoganizira kuti a mipopi sagula konse.

A Tembo: Tibwerere ku zigubu, pali chimene sitinachione. Avereji ya 4 ija ndi ya amene anayankha. Anthu 20 amene sanadziwe ndi otani? Ayerekezeni ndi kukula kwa banja, ndi amene anayankha ngati anali bambo kapena mayi, komanso ndi wofunsa. Mukapeza kuti ambiri achokera kwa wofunsa mmodzi, vuto ndi kafunsidwe, osati anthuwo.

Amake Tiza: Ofunsa onse ali pafupifupi chimodzimodzi. Koma 16 mwa 20 aja ndi makomo a anthu oposa 8. Ndakumbukira khomo lina kumene ndinafunsa ndekha: agogo anandilozera zigubu zili ndandanda pakhonde, n'kunena kuti mwana aliyense amatunga payekha, iwo sawerenga.

A Tembo: Ndiye kuti amene asowawo mwina ndi amene amatunga kwambiri, ndipo 4 watsika pang'ono. Yesani kuona kuti pang'onopo ndi pati. Tinene kuti makomo 30 onsewo amatunga zigubu 8, kuwirikiza kawiri enawo. Ndiye 240 kuwonjezera pa 1,080, kugawa ndi 300, mupeza 4.4. Kuchoka pa 4 kufika pa 4.4 sikusintha uthenga wa lipoti lanu. Lembani 4, mutchule kuti anayankha ndi 270, ndiponso kuti osadziwawo ambiri ndi mabanja akuluakulu. Akanasowa makomo 100, bwenzi tikukambirana njira zozama zolosera mayankho osowawo.

Amake Tiza: Ndamva. Chatsala chimodzi ndipo chandidetsa nkhawa. Pa ndalama za pasabata tinagwiritsanso ntchito 98 ngati "sindikudziwa", ndipo alipo 14. Koma munthu akhoza kulipiradi K98.

Mayi Zulu: N'chifukwa chake pa ndalama ine ndimaika -98, poti palibe amalipira ndalama zosakwana 0. Onani ngati pali ena anatchula 96 kapena 97. Ngati anthu amangonena 50, 80, 100, ma 98 amenewo ndi khodi.

A Tembo: Ine sindingathamangire. Zigubu 7 patsiku pa K2 chimodzi, masiku 7, ndi K98 ndendende. Wofunsa akhoza kumuwerengera munthu choncho. Pa makomo 14 amenewo yang'anani zigubu zawo, ndipo muwaimbire ofunsa aja akadakumbukira.

Amake Tiza: Awiri mwa 14 ali ndi zigubu 7. Wofunsa mmodzi wayankha kuti iye 98 ankailemba pa osadziwa okha, koma makomo awiriwo ndi a mnzake, ndipo foni yake sikupezeka. Ndiyesanso madzulo akaweruka.