Ndaiwala pasiwedi koma imelo yake inatsekedwa, ndithandizeni

Abale anga tandithandizeni chonde, mutu wandiima. Ndaiwala pasiwedi ya akaunti yanga imene muli zithunzi zanga zonse, ndiye ndikadina pa "Forgot password" akungonena kuti tatumiza linki ku imelo yanu, vuto lake imeloyo inali yakuntchito kumene ndinasiya, anaitseka kalekale moti ndikaitumizira uthenga ukumangobwerera.

Nambala ya foni sindinaikepo, apa ndiye ndinalakwitsa. Makodi osungira aja amapereka uja sindinawasungenso.

Ndinadzaza fomu yobwezeretsa akaunti kawiri, anandifunsa pasiwedi yakale imene ndikukumbukira ndi chaka chimene ndinatsegula akauntiyo, ndinayankha koma anandikana kuti sakutsimikiza zoti ndine mwini wake. Mwina nchifukwa choti ndimadzazira pa foni yatsopano? Laputopu yakale ilipo ndipo ndimalowera pamenepo masiku onse, kungoti inatuluka mu akaunti ndipo pasiwedi sinasungike mu bulawuza, ndayang'ana kale.

Ndiye funso langa ndi loti ndikadzazira fomuyo pa laputopuyo, pa intaneti yomwe ija ndinkalowera, zingathandize kuti andizindikire? Nanga ndidikire masiku angati ndisanayesenso, ndikuopa angaitsekeretu poganiza kuti ndine wakuba. Kapena ndikapemphe kuntchito kwakale kuja anditsegulire imeloyo kwa tsiku limodzi lokha, alipo amene zinamuthekera?