Amayi asiya puredinisoloni Lachisanu, pano akusanza, ndi malungo kapena?

Nabanda wa ku Khombedza: Abale thandizeni. Amayi anga akhala akumwa puredinisoloni wa nyamakazi kuyambira chaka chatha, mapiritsi 4 a 5 mg mmawa uliwonse. Ndiye nkhope yafufuma ngati mwezi, shuga naye wakwera, malume atabwera anati mankhwala amenewa akuphani tayani, basi Lachisanu anasiya. Lero Lolemba sakudzuka, akaimirira chizungulire, asanza kawiri, nsima sakuifuna, malungo tayezetsa akuti mulibe. Tidikire mwina thupi likuzolowera?

Bambo a Tadala: Ine ndimamwa omwewo mphumu ikandigwira, masiku 5 ndasiya, palibe chinandichitikirapo. Apatseni thobwa apeze mphamvu.

Achimwene a ku Dwangwa: Ndimagwira ntchito ya zachipatala. Chemwali musadikire, pitani nawo kuchipatala lero lomwe ndipo mutenge kapepala ka mankhwalawo. Mukafika osangonena kuti akusanza, nenani kuti amamwa 20 mg kwa miyezi yambiri ndipo asiya mwadzidzidzi Lachisanu, mawu amenewo ndi amene angawathandize msanga. Ngati mapiritsi alipo amwe 4 aja pompano, koma akasanza ndiye kuti sanalowe, pamafunika jakisoni wa haidirokotizoni, nthawi zambiri 100 mg, ndi diripi. Bambo a Tadala zanuzo nzoona koma nzosiyana, masiku 5 thupi silinagone. Vuto limayamba munthu akapitirira masabata atatu kapena anayi.

Nabanda: Thupi kugona bwanji achimwene? tikusaka galimoto

Achimwene a ku Dwangwa: Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono, amati adirino, kamapanga kotizolo. Kotizoloyu ndi amene amagwira bipi ndi shuga kuti zisagwe, makamaka munthu akadwala. Patsiku thupi limapanga wofanana ndi puredinisoloni pafupifupi 5 mg basi. Ndiye amayi amamwa kanayi kuposa apo, ubongo unaona kuti magazi adzaza kale nkusiya kutuma tiziwalo tija, tikakhala osatumidwa miyezi timafota. Zili ngati munda umene wagonera chifukwa pakhomo mumalandira ufa, tsiku limene ufa wasiya kubwera simungapite kukakolola. Lachisanu mapiritsi anasiya, wa m'thupi palibenso, nchifukwa chake kufooka, kusanza, chizungulire. Zikapitirira bipi imagweratu munthu nkukomoka, ena amamwalira.

Mai Phiri, Chipoka: Eya amasiya pang'onopang'ono, lero 4 mawa 3 mkuja 2, pofika Lachisanu wamaliza. Apongozi anga anatero.

Achimwene a ku Dwangwa: Pang'onopang'ono mwalondola amayi, koma osati pa sabata imodzi kwa munthu wamwa miyezi yonseyi. Chitsanzo chabe, wowaona ndiye akonze: 4 kupita pa 3 kwa masabata awiri, kenako 2, kenako limodzi ndi theka, mpaka limodzi. Kumtunda kuno kumatsikika msanga chifukwa thupi likulandirabe oposa amene limafuna, chimene timayang'ana ndi nyamakazi ngati ikubwerera. Povuta ndi kuyambira 5 mg kutsika, apo ndi pamene ubongo umayambanso kutuma, koma ubongo umadzuka msanga kusiyana ndi tiziwalo tija, ndiye pamatsika pang'ono kwambiri, monga 1 mg pa masabata awiri mpaka anayi. Ena amachira m'masabata, ena miyezi 6 mpaka 12, ena kupitirira. Ndipo amwe mmawa, nthawi imene thupi limapanga lokha, kumwa usiku kumagonetsa tiziwalo tija kwambiri.

Jeke: Awa si omwe anyamata amamwa ku jimu kuti atupe minofu?

Mai Phiri: Ayi iwe, amenewo ndi ena. Koma ena mwa omwe atsikana akugula pamsika kuti anenepe aja ndi mtundu womwewu.

Nabanda: Tafika, bipi inali 85 pa 50. Awabaya, diripi ili mkati, ayamba kuyankhula moti akufunsa za mbuzi zawo. Koma nanga nkhope ndi shuga zija? malume akuti tabwerera pomwe paja

Achimwene a ku Dwangwa: Malume anaona zoona, 20 mg kwa nthawi yaitali choncho ndi yambiri, mufunse ngati pali mankhwala ena a nyamakazi olowa m'malo. Nkhope imaphwa akamatsika. Chinanso, ngakhale atamaliza, kwa chaka chathunthu akadwala malungo, kutsegula m'mimba kapena akafuna opaleshoni, muzinena kuti ankamwa mankhwalawa, thupi likhoza kukwanitsa tsiku wamba koma kulephera pa matenda, nthawi zina amawonjezera dozi masiku amenewo. Lembani mu buku lawo la kuchipatala patsamba loyamba.

Mai Phiri: Nanga akamatsika mawondo nkuyambanso kuwawa, tidziwa bwanji kuti ndi nyamakazi kapena ndi kusowa kwa kotizolo uja?

Achimwene a ku Dwangwa: Apo ngakhale ife timakanganapo. Mfundo zikatupa nkutentha timaganiza nyamakazi, kukakhala kuphwanya thupi lonse ndi nseru ndi chizungulire timaganiza kotizolo, koma zimasakanikirana. Pali kuyeza magazi cha m'ma 8 mmawa asanamwe piritsi, mufunse ngati angakutumizeni kokayeza.

Nabanda: Ndifunsa mawa adokotala akamazungulira, pano foni yatsala pang'ono kuzima