Fomu ya viza ya amalume, kope lomwe anditumizira ndi lodukaduka, nditani?

Mayi a Tadala: Abale ndithandizeni mutu waima. Amalume akufuna viza kukaona mwana wawo, ndiye poti ine ndimadziwako kompyuta ntchito yonse yagwera ine, ana awo enieni ali phee koma tsiku lonyamuka mudzawaona ali patsogolo kujambulitsa. Anditumizira chithunzi cha pasipoti ndi kope la fomu yomwe anadzaza kalekale. Chithunzicho anajambula usiku, chala chaphimba tsiku lomwe pasipoti inaperekedwa. Pa fomu yakaleyo tsiku lobadwa la mayi awo palibe, komanso masamba akuchoka 3 kudumphira 5. Foni sayankha. Dzulo ndagona mochedwa, mwana akukhosomola, bambo akunyumba akuti ndasanduka kalaliki wa mtundu wonse. Ndingolemba zongoganizira kuti ndithane nazo?

Mkulu Jere: Zophweka izi mayi. Onani tsiku lothera pasipoti, chotsani zaka 10, ndiye tsiku loperekedwa limenelo. Zina zonse lembani N/A. Ine ndadzazira anthu mafomu osawerengeka.

Chikondi: A Jere ayi. Si pasipoti iliyonse ya zaka 10, zina ndi 5, ndipo ngakhale ya 10 tsiku limatha kusiyana ndi limodzi. Mayi, onani mizere iwiri ya pansi pa tsamba la chithunzi, ija ya zilembo ndi <<<. Mzere wachiwiri umayamba ndi nambala ya pasipoti, kenako nambala imodzi yotsimikizira yomwe si ya pasipoti, kenako zilembo 3 za dziko, kenako tsiku lobadwa kuyambira chaka, mwezi, tsiku. Mukaona 750314 ndiye 14 Malichi 1975. Pakadutsa M kapena F pakubwera tsiku lothera. Izi mutha kutsimikiza nazo zomwe zikuoneka mwachimbuuzi. Koma tsiku loperekedwa m'mizeremo mulibe, ndiye palibe kuchitira mwina, ajambulenso masana chala achotse.

Mkulu Jere: Kuchulutsa gaga m'diwa uku. Ku embase ali ndi nthawi yowerenga tsiku lobadwa la gogo?

Esnart: Chithunzi chikamakana kukwera chichepetseni chemwali, changa chinandivuta sabata yonse mpaka ndinalira.

Yamikani: A Esnart funso mwaliwerenga koma? Kkkk

Chikondi: Za gogozo, N/A ndi "sindikudziwa" si chimodzi. N/A ndiye kuti funso silikukukhudza, ngati dzina la mkazi kwa munthu wosakwatira. Amalume mayi anali nawo, funso likuwakhudza. Pa DS-160, fomu ya viza ya ku America, mafunso ena ali ndi kabokosi ka Do Not Know, ena Does Not Apply. Koma wosadziwayo akhale amalume, osati inu chifukwa foni sakuyankha. Mayi, fomuyo ndi ya dziko liti?

Bambo Phiri: Ine zinandichitikira. Ejenti wina anandidzazira, pa funso loti munakanidwapo viza anangochonga No osandifunsa, chonsecho ndinakanidwapo kamodzi. Kalata inabwera yonena kuti ndinanama. Ejenti ndalama anadya, dzina lodetsedwa ndi langa. Mpaka lero ndikamuona mtima umawawa.

Mkulu Jere: Inuyo munali ndi tsoka basi. Komanso nonse mukuiwala nkhani yeniyeni, ana a amalumewo ali kuti? Ana a masiku ano ulemu unatha! Mayi asiyeni adzaze okha, mukazolowetsa anthu mudzafa ndi ntchito za eni.

Yamikani: A Jere poyamba mumati alembe N/A, pano mukuti asiye, tigwire ziti?

Mkulu Jere: Zonse ndi zoona.

Chikondi: Si tsoka a Jere. UK ikapeza kuti munthu wanama dala imatha kumuletsa zaka 10, America ndiye kutha kukhala moyo wonse. Ndipo wosainira kuti zonse ndi zoona ndi amalume, si wodzaza. Ine ndikamadzazira munthu ndimalemba zokhazo zomwe ndikuziona pa kope, ndimasunga fomu osatumiza, mafunso otsala ndimawalemba papepala ndi nambala zake ndikumufunsa limodzilimodzi. Fomu yakale musaikhulupirire kwambiri, adiresi, ntchito, nambala ya pasipoti mwina zinasintha. Ndipo tsamba 4 lija lipezeke, mudziwe chomwe chinalipo.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse. Ndaimbira msuweni wanga, akuti tsamba 4 amalume analichotsa okha, ndi lija la maulendo akale, ndipo akuti ngati nthawi ijayi anabwezedwa koma sakudziwa ngati anakanidwa kapena anangosiya okha osamaliza. Ndiye ndichonge Yes kapena No?

Chikondi: Musachonge chilichonse. "Akuti ngati" si yankho. Kukanidwa ndi kusiya wekha ndi zinthu ziwiri, wokanidwa amapatsidwa kalata kapena imelo, aifufuze. Ndipo dziko lija simunatiuzebe.

Esnart: Koma chithunzicho chinakwera?

Mayi a Tadala: Amalume ayankha tsopano. Akuti ndine mwana, zakale zisandikhudze, ndingodzaza. Atumizanso chithunzi china, chala chili pompaja.