Mpira wa m'kabuku kanga ka zithunzi sukudunda, ndalakwitsa pati?

Abale, thandizeni. Loweruka ndimaphunzitsa ana kujambula kuno ku Ndirande, ndipo tayamba tija timabuku ta zithunzi zoyenda, toti ukathamangitsa masamba ndi chala chachikulu chithunzi chimayenda ngati katuni. Ndinadula pepala la A4 kukhala tizidutswa 8, mapepala atatu, masamba 24, n'kumanga ndi lastiki. Ndinajambula mpira ukugwa n'kukweranso, tsamba lililonse ndikuusuntha sentimita imodzi ndi rula. Koma ukutsika ngati ndowa ya pachitsime, sukudunda ayi. Mwana wina mpaka anafunsa kuti chingwe chake chili kuti.

Bambo wa ku Chilomoni: Masamba achepa amenewo mayi. Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi, ndiye inu kabuku konse ndi sekondi imodzi basi. Onjezerani afike 50.

Wojambula makatuni wa ku Limbe: Za 24 akunena zoona bambowa, koma makatuni ambiri apamanja amajambula 12 zokha pa sekondi, chilichonse n'kuoneka kawiri. Mukangoonjezera masamba mpirawo uzingotsika mochedwa kuposa kale. Vuto ndi rulayo. Chinthu chikamagwa chimayamba pang'onopang'ono kenako n'kuthamanga, ndiye mipata isafanane. Yesani chonchi: tsamba loyamba mpira uli pamwamba, lachiwiri utsike mamilimita 2 kuchokera pamwambapo, kenako 8, 18, 32, lachisanu ndi chimodzi 50, wagunda pansi. Pamenepo muuphwatalalitse pang'ono, tsamba limodzi lokha. Pokwera bwererani manambala omwewo chambuyo. Pamwamba mipira iziunjikana, pansi izitalikirana. Komanso muziyambira tsamba lapansi, kuti mukaphimba ndi linzake muzionera mthunzi wa chojambula chapitacho. Pepala likakhala lokhuthala ligunditseni pagalasi la windo masana.

Mtsikana wa ku Bangwe: Anti, kanga masamba amadumpha atatuatatu, ndiye munthu wanga amangotulukira kutsogolo osaponda. Nanenso ndi rula?

Wojambula makatuni: Ayi mchemwali, ndi kadulidwe. Gogodani masambawo patebulo mbali yogwira chala ifanane, kenako mumange mbali inayo molimba.

Mwini funso: Zikomo achimwene, ndayesa ndi pensulo usiku uno, wadunda! Koma anawo ndiwauza chiyani akafunsa chifukwa chake? Ine ndinaphunzira kuti diso limasunga chithunzi kwa kanthawi, monga muja ukazunguza chikuni chamoto usiku umaona mkombero.

Wojambula makatuni: Chikunicho chimafotokoza chifukwa chake sitiona mpata wa pakati pa masamba. Koma kuyendako ndi ubongo umene umalumikiza mpira wa apa ndi wa apo. Auzeni athamangitse masamba pang'onopang'ono, apeze okha pomwe kuyenda kukuthera.

Bambo wa ku Chilomoni: Ine ndikuonabe kuti ndi diso. Nanga ubongo ungalumikize chimene diso lataya kale?