Ndigule themomita ya mafuta kuti mandasi azipsa mpaka m'kati?

Mayi a ku Kawale: Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Mandasi anga akumada msanga kunja, koma ukanyema m'kati muli fulawa wamuwisi. Dzulo makasitomala awiri andibwezera. Mlamu wanga akuti ndigule themomita yoyezera mafuta. Kodi si kungotaya ndalama za geni?

Achemwali a ku Chinsapo: Ine ndili nayo ya mwana, ya malungo ija. Bwerani mudzabwereke.

Abambo a ku Biwi: Iyayi achemwali, imeneyo imalekera pa madigiri 42, ingawonongeke. Ya mafuta ndi ina. Ine ndinagula ndipo sindidandaula. Mandasi amafuna madigiri 170 kapena kuchepera pang'ono. Mafuta akafika 190, khungu limada m'kati musanatenthe n'komwe.

Agogo a ku Mchesi: Mwanawe, ukuphikira pa chiyani? Nanga shuga ukuthira wochuluka bwanji?

Mayi a ku Kawale: Pa mbaula, agogo, m'sefuliya yopyapyala. Shuga makapu awiri pa kilogalamu ya fulawa, anthu amakonda otsekemera. Ndimaumba aakulu ngati lalanje.

Agogo a ku Mchesi: Vuto lagona pamenepo. Shuga ndi amene amayamba kupserera, ndiye siya kapu imodzi. Uziumba ngati dzira, adzakula okha yisiti akafufumitsa. Makala asamalilime, dikira asanduke ofiira, ndipo moto ukakula waza phulusa pamwamba. Usanayambe, ponya kachidutswa ka fulawa wokanda m'mafuta. Kakamira kenako n'kuyandama pang'onopang'ono ndi tithovu, mafuta ali bwino. Kakangodumphira pamwamba n'kufiira pomwepo, phula sefuliya kaye. Mbali iliyonse ipse mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo loyambalo ulinyeme uone m'kati. Themomitayo idzangokuuza kuti mafuta atentha, koma moto siizimitsa. Ikanakhala ndalama yanga ndikanagula chiwaya chokhuthala, chimasunga kutentha mofanana.

Achemwali a ku Chinsapo: Bwanji osangochepetseratu moto? Ine ndimatero, sada.

Abambo a ku Biwi: Sada, inde, koma amamwa mafuta. Mukawaika papepala lonse limanyowa, ndipo botolo la mafuta silichedwa kutha. Agogo, zonse mwanenazo n'zoona, koma inu diso linazolowera. Wongoyamba kumene sadziwa kuti akaponya mandasi ambiri nthawi imodzi mafuta amazizira, ndiye amakupizira moto, ulendo wachiwiri onse amapserera. Ine ndinazindikira zimenezi chifukwa cha themomita.

Agogo a ku Mchesi: Mafuta akalenso, bambo. Akadzaza nyenyeswa zakuda, ngakhale muyeze chotani mandasi atuluka akuda. Azisefa akazizira.

Mayi a ku Kawale: Zikomo nonse. Mawa ndichepetsa shuga, ndiumbanso aang'ono. Koma nkhawa yanga ndi makasitomala, aang'onowo adzalola kugula pa mtengo womwewu? Abambo a ku Biwi, yanuyo ndi ya batire kapena ya muvi? Ndikapita m'tauni Loweruka ndikafunseko mtengo wake ndi wa chiwaya.